Kapepala ka kutsekula m'mimba kamene mayi wa ku Jali angakamve

Funso: Ndine mlangizi wa zaumoyo kuno ku Jali, m'boma la Zomba. Mvula yayandikira, ndipo ndalandira timapepala tonena za kutsekula m'mimba kwa ana. Chiganizo choyamba chikuti: "Pofuna kupewa kuchepa kwa madzi m'thupi komwe kumadza chifukwa cha matenda otsekula m'mimba, makolo akulimbikitsidwa kuonetsetsa kuti ana akupatsidwa zakumwa zokwanira monga Thanzi pafupipafupi komanso kuwatengera kuchipatala msanga ngati zizindikiro zikupitirira." Amayi ambiri a m'dera langa analekezera Sitandade 3 kapena 4. Amalandira kapepalako, n'kukapinda, n'kukaika m'buku la kusikelo. Ndikalembe bwanji kuti akamve, popanda kupotoza uthengawo?

Yankho: Alangizi, musayambe ndi kudula chiganizocho. Mukangochidula pakati mupeza ziganizo ziwiri zazifupi zimene sizikumuuzabe mayiyo chochita. Ikani kaye kapepalako pambali, ndipo muganizire mayi mmodzi amene mumamudziwa. Ndi usiku, mwana wake wa chaka chimodzi watsekula kachitatu, paketi ya Thanzi ili m'nyumba, chipatala chili kutali ndipo njinga ya kabaza sapezeka mpaka kucha. Kodi manja ake achite chiyani, ndipo ayambe ndi chiti? Zimene muyankhe pamenepo ndiye uthenga wanu. Zina zonse ndi zokambirana pamsonkhano.

Tiyeni tione chimene chikuchitika munthu wosazolowera kuwerenga akakumana ndi chiganizo mwatumizacho. Chili ndi mawu 31, ndipo dzina la Thanzi, lomwe ndi chinthu chokhacho chogwirika m'menemo, likubwera pa mawu a nambala 23. Munthu amene anaphunzira pang'ono amawerenga phatikizo limodzi limodzi, nthawi zambiri akutchula ndi pakamwa. Mphamvu zake zonse zimathera pa kulumikiza zilembo, moti akamafika pakati amakhala ataiwala poyambira. Ndiye tsoka lake, Chichewa chathu chimaunjika zambiri m'mawu amodzi. "Akulimbikitsidwa" ndi mawu amodzi, koma ali ndi maphatikizo asanu ndi awiri, ndipo akawamaliza sanamve kanthu kalikonse koti achite. N'chifukwa chake ndimakana kuyeza kufupika kwa chiganizo cha Chichewa pongowerenga kuchuluka kwa mawu. Chiganizo cha mawu asanu chingathe kukhala cholemera kuposa cha mawu asanu ndi atatu ngati aneni ake ali aataliatali. Muyeso wabwino ndi mpweya. Chiwerengeni mokweza, pang'onopang'ono. Ngati mwapuma pakati, n'chachitali. Ngati chikulamula zinthu ziwiri, chigaweni.

Vuto lachiwiri ndi lakuti m'chiganizocho mulibe munthu. Akulimbikitsa ndani? Akupatsa ana zakumwa ndani? Malembedwe a "akupatsidwa" ndi "kuonetsetsa kuti" amabisa wochita, ndipo wowerenga amamva ngati ndi nkhani ya boma yokhudza anthu ena. Lankhulani naye mwachindunji, mwaulemu wa inu: mumwetseni, pitirizani, pitani naye.

Nachi chitsanzo cha mmene ndingalembere mbali yoyamba ya kapepalako:

> Mwana wanu akutsekula m'mimba?
> Kutsekula kumatha madzi m'thupi.
> Madzi akatha, mwana akhoza kufa.
> Yambani lero kumumwetsa madzi a Thanzi.
>
> Kakonzedwe kake
> Sambani m'manja ndi sopo.
> Tengani madzi owiritsa amene azizira, kapena othira kolorini.
> Yezani lita imodzi. Ndi mabotolo awiri onga ili pachithunzi.
> Thirani paketi yonse.
> Takasani mpaka ufa wonse usungunuke.
>
> Kamwetsedwe kake
> Mumwetseni nthawi iliyonse akatsekula.
> Wosakwana zaka 2: theka la kapu ya tiyi.
> Wa zaka 2 kapena kuposa: kapu yodzaza.
> Mumwetseni pang'onopang'ono ndi supuni.
> Akasanza, dikirani mphindi 10. Kenako yambaninso.
> Akafuna ena, mupatseni.
> Pitirizani kumuyamwitsa. Pitirizani kumudyetsa.
> Madzi a Thanzi okonza m'mawa uno, mawa m'mawa atayeni. Konzani ena.

Muona kuti uthengawu watalika kuposa uja munalandira. Zisakudabwitseni. Kwa munthu wowerenga movutikira, mizere makumi awiri yaifupi imene uliwonse ukunena chinthu chimodzi ndi yopepuka kuposa chiganizo chimodzi chonena zonse mosatchula kanthu. Chimene tachotsa ndi mawu aulemu wa muofesi. Chimene tawonjeza ndi miyeso, ndipo pa miyeso pamenepa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene timapepala tambiri timavulaza anthu mosadziwa.

Paketi imodzi ya Thanzi inapangidwira lita imodzi ya madzi. Madzi akachepa, mchere ndi shuga zimachuluka mopitirira, ndipo m'malo mobwezera madzi m'thupi zimakoka madzi kulowa m'matumbo, kutsekula n'kukulirakulira. Mchere wochuluka m'magazi a khanda ndi woopsa ndithu. Madzi akachulukitsa, mcherewo umasukuluka ndipo mwana sapindula mokwanira. Ndiye mawu oti "lita imodzi" ndi ofunika kuposa ena onse pakapepalapo, koma ndi mawu amene mayi wa m'mudzi alibe chowayezera. Amadziwa lita ya mafuta ophikira ndi ya palafini pogula, koma kunyumba ali ndi makapu, mbale ndi zigubu. Ntchito yanu ndi kupeza chiwiya chimene chili pafupifupi m'nyumba iliyonse ya m'dera lanu, n'kuchiyeza nokha ndi jagi yoyezera ya kuchipatala. Botolo la pulasitiki la madzi ogula la mamililita 500 ndi losavuta, chifukwa awiri akwana lita ndendende. Koma musangolemba kuti "mabotolo awiri". Pamsika wa Jali pali mabotolo a zakumwa a misinkhu yosiyanasiyana, ena aang'ono kwambiri, ndipo mayi akatenga awiri a mamililita 300 ndiye kuti wakonza ndi madzi ongopitirira theka pang'ono. Jambulani botolo lenilenilo, nambala 500 ikuoneka, ndipo pophunzitsa muzikhala nalo m'manja.

Mawu oti "paketi yonse" ndawaika dala. Mayi wanzeru zosunga zinthu amaona kuti mwana wamng'ono sangamalize lita, ndiye amatsina ufa pang'ono n'kuthira m'kapu, wotsalawo n'kusunga. Maganizo ake ndi abwino, koma palibe amene angayeze ndi maso mlingo woyenera kapu imodzi. Mukapanda kulemba "yonse" mwasiya khomo lotseguka.

Kapu nayo ndi chimodzimodzi. Malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse amati mwana wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akatsekula, ndipo wa zaka 2 mpaka 10 amwe 100 mpaka 200. Manambala amenewa ndi anu, alangizi, si a pakapepala. Munthu wowerenga movutikira mukamupatsa "kuyambira apa mpaka apa" amasokonezeka, amafuna mlingo umodzi. Kapu ya tiyi ya mamililita pafupifupi 200 ikupatsani theka kwa wamng'ono ndi yodzaza kwa wamkulu. Koma m'midzi yambiri kapu imene ili pafupi ndi ija yaikulu yapulasitiki yomwera madzi kapena thobwa, imene ingalowe kawiri kuposa pamenepo. Apa kulakwitsa kwake si koopsa ngati kwa lita, pakuti mwana akafuna kumwa ambiri timamupatsa. Choipa chake n'chakuti mayi akaona theka la chikapu chachikulu amataya mtima, kapena amamukakamiza mwana kumwa msangamsanga mpaka kusanza. Yezani kapu ya kwanuko, ndipo ngati ndi yaikuluyo, jambulani mzere posonyeza pofika madzi.

Nthawi nayonso imafuna kumasuliridwa m'zinthu zooneka. Madzi a Thanzi akatha maola 24 amayenera kutayidwa chifukwa tizilombo timaswana m'madzi a shuga. Mukalemba "tsiku limodzi", wina amva kuti dzuwa likalowa ataye, ndipo mwana agona usiku wonse osamwa. Mukalemba "maola 24", mwamupatsa samu. "Okonza m'mawa uno, mawa m'mawa atayeni" safuna wotchi. Ndipo manambala opitirira asanu alembeni m'zizindikiro zake. Munthu amene amagulitsa tomato ndi matemba amaidziwa 10 ndi 14 poziona, koma "masiku khumi ndi anayi" akhoza kuwamva ngati masiku khumi, kenako anayi ena apadera, kapena kungogwira "anayi" omalizirawo.

Tsopano za kufupikitsa kumene kumapha uthenga. Pali mizere ina imene singayime yokha. "Akasanza, dikirani" ndi chiganizo chachifupi, chomveka bwino, ndipo n'choopsa, chifukwa mayi adikira mpaka mawa. Mzere wotsatira, "Kenako yambaninso", uyenera kukhala pomwepo, pamzere womwewo, kuti diso lisaulumphe. Chimodzimodzi chifukwa chake cha zinthu. Anthu ofupikitsa amakonda kuchotsa zifukwa poganiza kuti munthu wosaphunzira amangofuna malamulo. Ine ndimatsutsa zimenezo kwambiri. Mayi ameneyu ndi munthu wamkulu, amayendetsa banja, ndipo ali ndi maganizo ake okhudza matendawa. Ambiri amaona kuti mwana akamwa amatsekulanso, ndiye nzeru imawauza kuti achepetse zakumwa kuti m'mimba muume. Mukapanda kumuuza kuti choopsa ndi kutha kwa madzi, lamulo lanu likulimbana ndi zimene akuona ndi maso ake, ndipo maso apambana. Mizere iwiri ija yonena za kutha kwa madzi ndiyo ikunyamula kapepala konse.

Pa chifukwa chomwecho, musalembe kuti Thanzi amaletsa kutsekula. Ndi mawu okoma, aafupi, koma si oona. Madzi a Thanzi amabwezera madzi ndi mchere zimene zatayika, pamene kutsekulako kumatha pakapita masiku. Mayi amene munamulonjeza kuti kutsekula kusiya, akaona mwana watsekulanso madzulo anena kuti mankhwalawa sagwira ntchito, n'kupita kugolosale kukagula makapisozi amene mwanayo sakuwafuna n'komwe. Ndi bwino kuwonjeza mzere woti: "Akhoza kutsekulabe. Pitirizani kumumwetsa."

Mwina mwaona kuti m'chitsanzo changa mulibe lamulo loyamba ndi "musa-" kapena "osa-". M'Chichewa cholembedwa, kukana kumabisala m'phatikizo limodzi pakati pa mawu. "Mumumwetse" ndi "musamumwetse" amasiyana ndi zilembo ziwiri zokha, ndipo pakapepala kofotokopedwa kangapo, kowerengedwa ndi kuwala kwa tochi ya foni, "sa" ameneyo amasowa mosavuta. "Musasiye kuyamwitsa" ndi wovuta koposa, chifukwa wowerenga ayenera kugwira "kusiya" kenako n'kukutembenuza, ndipo amene wathamanga amatola "siye kuyamwitsa". "Pitirizani kumuyamwitsa" alibe msampha umenewo. Pamene kuletsa sikungapeweke, yambani ndi "Ayi" woima payekha, kapena jambulani chinthucho n'kuchidula ndi mtanda. Samalaninso ndi "ka". "Mukamumwetsa" ndi "mukamumwetse" amasiyana ndi chilembo chomaliza chokha, koma woyamba akunena za zimene zichitike ngati mwatero, wachiwiri akukutumani. Polankhula mawu amakwera ndi kutsika n'kutithandiza, papepala thandizo limenelo palibe.

Kumbuyo kwa kapepalako ndi malo a zizindikiro zoopsa. Mawu aja oti "ngati zizindikiro zikupitirira" amamusiya mayi aweruze yekha, pamene iye sadziwa kuti chizindikiro n'chiti ndipo kupitirira ndi masiku angati. Tchulani zimene angaone ndi maso:

> Pitani naye kuchipatala lero lomwe ngati:
> akukanika kuyamwa kapena kumwa
> akusanza chilichonse
> wafooka kwambiri, kapena akuvuta kudzutsa
> akukomoka
> maso alowa m'kati, kapena liwombo lalowa
> m'chimbudzi chake muli magazi
> chimbudzi chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga
> sanakwane miyezi 2
>
> Popita, tengani madzi a Thanzi. Muzimumwetsa m'njira.

Mzere wa madzi otsukira mpunga ndi wa kolera, ndipo kwa anthu a kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene mpunga ndi mbewu ya tsiku ndi tsiku ndipo kolera amaidziwa kuyambira kale m'madoko monga Kachulu, chithunzi chimenecho chimamveka msanga. Mliri umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, moti mzerewu suyenera kusowa. Koma musalowetse nkhani yonse ya kapewedwe ka kolera m'kapepala kameneka. Zimbudzi, mipondagiya, kusunga madzi ndi maliro zikhale ndi kapepala kakekake. Mzere wa miyezi 2 ulipo chifukwa, monga mukudziwa, kuvileji kiliniki mumathandiza ana oyambira miyezi 2 mpaka osakwana zaka 5, ndipo khanda locheperapo liyenera kukaonedwa kuchipatala.

Liwombo ndalitchula mwadala ndi dzina lake. M'midzi yambiri liwombo likalowa anthu amaliona ngati nthenda payokha, ndipo agogo amadziwa kumene kuli mankhwala opaka. Kutsekula kwina amati ndi kwa mano akamamera, kwina amakuganizira tsempho. Kapepala kakang'ono sikangathetse zikhulupiriro zimenezi, ndipo mukalemba mawu onyoza azigogo kapena asing'anga, kapepalako sikalowa m'nyumba imene apongozi ndiwo amalamula za mwana. Chimene mungathe ndi kulumikiza chimene akuchidziwa ndi chochita: "Liwombo likalowa, madzi atha m'thupi." Mungawonjezenso kuti: "Ngakhale akumera mano, mumwetseni madzi a Thanzi." Simunakangane ndi munthu, koma mwanayo amwa.

Pa kusankha mawu, lamulo langa ndi lakuti mawu ozolowereka ndi amene amayiwo amanena okha pofotokoza matenda a mwana, kaya ndi Chichewa chenicheni kaya ndi obwereka. Supuni, kapu, paketi, sopo ndi botolo ndi mawu a m'nyumba, ndipo kuwasakira ena achikale kungangosokoneza. Ena amati "theka", ena amati "hafu", ndiye mverani amene akumveka kwanuko. Khalani kusikelo tsiku limodzi ndi kope, muzilemba mmene akunenera akafika kwa inu. Mudzapeza kuti palibe amene amati mwana "ali ndi zizindikiro". Amati wafooka, sakuyamwa, maso alowa. Samalani ndi mawu amene kwa ife azaumoyo ali ndi tanthauzo lina. Ife tikati "madzi aukhondo" tikunena madzi opanda tizilombo, koma kwa mayi ndi madzi ooneka oyera, ndipo a pachitsime chosatetezedwa akadikha amaoneka oyera bwinobwino. N'chifukwa chake ndalemba chochita nawo madziwo, kuwiritsa kapena kuthira kolorini. "Chimbudzi" nacho chimatanthauza kanyumba komanso zotuluka m'thupi, ndiye chiganizo chizisonyeza chokha kuti mukunena chiti. Mukakayika kalembedwe ka mawu ena, Likulu la Kafukufuku wa Ziyankhulo la Yunivesite ya Malawi lili mu Zomba momwemu, ndipo ndilo linalemba Mtanthauziramawu wa Chinyanja.

Zomba si dera la chiyankhulo chimodzi. Cha ku Domasi, Malosa ndi Songani kuli Ayao ambiri amene kunyumba amalankhula Chiyao. Komabe kuwerenga anaphunzirira m'Chichewa kusukulu, moti kapepala ka Chichewa chosavuta nthawi zambiri kamawerengeka, kufotokoza kwa pakamwa n'kukhala m'Chiyao. Kumbukiraninso kuti kalembera wa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu atatu mwa khumi alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo sadziwa kulemba ndi kuwerenga. M'nyumba zambiri kapepala kanu kadzawerengedwa mokweza ndi mwana wa sukulu, mayi akumvetsera. Ichi ndi chifukwa china cholembera mizere yoti ikamveka kamodzi m'khutu igwirike.

Za maonekedwe ndingonena mwachidule. Zilembo zikhale zazikulu, koma musalembe mizere yonse ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha, chifukwa amene anaphunzira pang'ono anazolowera zing'onozing'ono za m'mabuku a sukulu. Mawu asaduke kumapeto kwa mzere. Chithunzi chilichonse chikhale pafupi ndi mzere wake, ndipo chisonyeze munthu wathunthu akuchita chinthucho ndi ziwiya za m'mudzi.

Chomaliza chachikulu ndi kuyesa, ndipo apa ndi pamene mudziwire ngati mwalemba bwino. Sankhani amayi asanu mpaka khumi onga amene mukuwalembera, osati mavolontiya anu amene uthengawu anauloweza kale. Onanani nawo mmodzimmodzi, chifukwa pagulu wodziwa kuwerenga amayankhira onse. Muuzeni poyamba kuti mukuyesa kapepala, osati iye. Musamufunse kuti "mwamva?", pakuti mwaulemu wathu ayankha kuti eya ngakhale sanamve. M'malo mwake muikireni patsogolo paketi, mabotolo atatu osiyana kukula, makapu awiri, supuni ndi ndowa ya madzi, n'kumupempha kuti akonze monga kapepala kakunenera. Inu khalani chete, muziyang'ana manja ake. Akatenga botolo lolakwika, chithunzi chanu sichikuoneka bwino. Akatsina ufa pang'ono, mawu oti "yonse" sanaonekere. Powerenga mokweza, lembani mawu alionse amene waimapo, wabwereza kapena walumpha. Kenako mufunseni zochitika: mwana wasanza, mutani? Kwacha, madzi adzulo m'mawa atsala, mutani? Amayi awiri akalakwitsa pamalo amodzi, vuto lili pamzerewo. Ukonzeni, mukayesenso kwa amayi ena atsopano.

Zinki, mankhwala amene mwana wotsekula amapatsidwa limodzi ndi Thanzi, sindinamuike m'chitsanzo chifukwa amafuna mizere yakeyake, ndipo malo abwino ndi pansi pa kamwetsedwe. Mwana wosakwana miyezi 6 amamwa theka la piritsi la mamiligalamu 20, wa miyezi 6 kupita m'tsogolo piritsi lathunthu, kamodzi pa tsiku. Malangizo a padziko lonse amati masiku 10 mpaka 14, koma pakapepala lembani nambala imodzi yokha, imene ili m'buku lanu la kuvileji kiliniki. Vuto la zinki ndi lakuti mwana akachira pa tsiku lachitatu mapiritsi otsala amasungidwa, pamene kumaliza masiku onse ndiko kumathandiza kuti asadwalenso msanga m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Mzere woti "Ngakhale wachira, malizani masiku onse" ukhalepo, ndipo pansi pake jambulani timabokosi tofanana ndi masikuwo kuti mayi azichonga kamodzi tsiku lililonse. Musanachulukitse kapepalako, kapatseni aklinishani kapena anamwino a pachipatala chanu aone miyeso yonse, kenako kapite kwa amene amayang'anira mauthenga a zaumoyo kuofesi ya boma ku Zomba. Pitani ndi zimene munalemba poyesa kwa amayi aja, kuti wina akafuna kubwezeretsa mawu aatali muthe kumuonetsa mzere umene anthu anaphunthwapo.